Dengu Silisunga Madzi

Chaka chatha, ndili Fomu 3, anandibweza kunyumba teremu isanathe chifukwa cha belu. Ndinaliza belu la chakudya pakati pa phunziro la masamu, sukulu yonse n'kuthamangira kuholo ndi mbale m'manja, nyemba zisanawire n'komwe. Ahedi anati ndipite kwathu ndikaganize bwino. Ndinaganizadi, ndipo ndinapeza kuti ndikanaliza tsiku la nyama anthu akanathamanga koposa pamenepo.

Kwathu nakonso ankandidziwa. Ndinawathamangitsapo amalume, omwe ndi kapitawo pa esiteti ya tiyi, kuchoka pamowa mpaka ku ofesi powauza kuti bwana akuwafuna, lili Lamulungu. Choncho mawu anga ankawatenga ngati kalongonda: osadya msanga, kuwiritsa kaye n'kutaya madzi kangapo.

Sabata yomweyo anafika achimwene anga, oyamba kubadwa m'nyumba mwathu. Iwowa ndi othandizira dalaivala pa lole yotenga katundu kudoko la Dar es Salaam. Anabwerera chinkhoswe chawo ndi mtsikana wina wa ku Chonde, chimene anakonza kuti chichitike Loweruka lotsatira. Anabwera ndi nsapato za mkaziyo atazikulunga mu nyuzipepala ya ku Tanzania, makaseti a nyimbo zovina m'kathumba, ndiponso tsitsi lalitali limene ankalibisa m'chipewa, poti aliyense akudziwa kuti kuno tsitsi lotero limaitana apolisi. Chiferereni abambo, nyumba yathu imadya za paulendo wa achimwene, ndipo fizi yanga imachokera komweko.

Atangokhala pang'ono matenda anawagwetsa. Sanayambe ndi kuzizidwa pang'onopang'ono ayi. M'mawa ankaseka akudya chinangwa, masana thupi lili ngati chiwaya. Ankati mutu ukuwawa kuseri kwa maso, moti poyang'ana kumbali ankatembenuza khosi lonse ngati nkhuku. Msana, mawondo, zigongono, zonse ankati wina akuzithyola. Amayi anawapatsa kolokwini ndi asipulini zogula pagolosale, koma sizinaphule kanthu.

"Ndayizindikira imeneyi," anatero achimwene ali pamphasa. "Inandigwirapo kudoko chaka chijachi. Ili ngati chikuku, ukadwala kamodzi wathana nayo. Yangobwera kudzandipatsa moni."

"Moni wake ndi ameneyu, achimwene? Nanga ikadzabwera kudzacheza?"

"Iwe, ndikadzuka pano uona."

Sanadzuke. Poti amayi anali kalikiliki ndi chimera cha thobwa la pachinkhoswe, ine amene ndinalibe chochita ndi amene anandituma kuwaperekeza kuchipatala cha mishoni.

Magazi atawayeza sanapezemo malungo. Anatilowetsa kwa dokotala, mayi wamfupi wochokera ku Philippines, amene Chichewa chake chinali chaulemu mopitirira, moti ngakhale udzudzu ankaunena kuti "iwo". Atamva za lole ndi doko anaika cholembera pansi. Anafunsa kumene achimwene amagona podikira katundu. Iwo anati pansi pa lole, pabwalo lodzaza matayala akale ndi migolo, ndipo udzudzu wakumeneko ndi wamwano, wakuda wamizere yoyera, umaluma dzuwa likuswa mtengo. Kenaka anawamanga pamkono lamba woyezera kuthamanga kwa magazi, n'kumusiya atafufuma kwa kanthawi. Atamasula, pansi pa chigongono panatuluka timadontho tofiira tambirimbiri ngati wina wawaza fumbi la njerwa.

"Kuno ndilibe choyezera kuti ndinene motsimikiza," anatero, "koma kwathu ndinakula nayo, ndipo ndikuyiona. Dzina lake dengi."

"Eya, ndi limenelo anandiuza kudoko lija," anatero achimwene monyadira, ngati akumana ndi mnzawo wakale. "Ndiye kuti ndine katswiri."

Dokotala sanaseke. Anati zimenezo ndiye zikumudetsa nkhawa. Tizilombo ta dengi tili mitundu inayi, pachibale. Mtundu umene unakugwira poyamba sudzakugwiranso, n'zoona. Koma ukalumidwa ndi udzudzu wonyamula mtundu wina, asilikali a m'thupi amene anaphunzira nkhope ya woyamba uja amasokonezeka. Atamva kuti amalume athu ndi a pa esiteti anati tiganize za alonda amene anagwirapo mbala. Mawa kukubwera mng'ono wake wa mbalayo, nkhope yofanana. Alonda akumugwira dzanja, koma chingwe chawo sichikumukwana, ndiye m'malo momumanga akungomuperekeza mpaka m'kati mwa sitolo, mmene akaberemo bwino n'kuitana anzake. Thupi likazindikira limachita phokoso lalikulu, ndipo phokosolo ndi limene limaononga. Anati si onse odwala kachiwiri amafika poipa, ambiri amachira bwinobwino, koma amene amafika poipa nthawi zambiri amakhala a kachiwiri omwewa.

Kenaka anatembenukira kwa ine, mwina poona kuti wodwalayo akungoganiza za Loweruka. Anati matendawa amayenda zigawo zitatu. Choyamba ndi ichi cha kutentha, chimene chimapweteka kwambiri koma sichipha kawirikawiri. Chachiwiri chimayamba pamene kutentha kwatsika, nthawi zambiri sabata isanathe, ndipo chimatenga tsiku limodzi kapena awiri. Pamenepo misempha imatha kuyamba kuchucha, madzi a m'magazi n'kumathawira m'mimba ndi m'chifuwa, magazi otsala n'kulimba, mtima n'kumapopa zosakwanira. Chachitatu ndi kuchira, madzi aja akabwerera kwawo.

"Mukaona thupi lazizira, musasangalale msanga, achemwali. Yang'anani. M'mimba kupweteka kwambiri. Kusanza kosalekeza. Magazi m'nkhama, m'mphuno, m'masanzi kapena chimbudzi chakuda. Manja ozizira onyowa. Kufooka kwambiri kapena kusakhazikika. Mkodzo kusowa. Kupuma movutika. Chimodzi chokha mwa zimenezi, bwerani nthawi yomweyo, osadikira mawa."

Asipulini analetseratu, akuti amawonjezera kutaya magazi. Anatipatsa panado ndi kutiuza kuti azimwa kwambiri, madzi, thobwa lopepuka, madzi a mchere ndi shuga, ndipo azigona m'neti ngakhale masana kuti udzudzu wakuno usatengeko. Anafuna kuwagoneka tsiku lomwelo. Achimwene anakana kwamtuwagalu. Mwamuna amene akufunsira mbeta sagona m'wodi, anthu a ku Chonde angati akuwapatsa mkamwini wa mapilitsi.

Tinafika kunyumba amalume ali pakhonde.

"Akuti chiyani madokotala anu?"

"Akuti dengi, amalume."

"Dengu?"

"Dengi."

"Dengu, ndamva. Alongo, mwamva? Mwana wanu akudwala dengu." Anaseka mpaka kutsokomola. "Ine ndasenza dengu kumsana kuyambira ndisanamere ndevu, mvula ndi dzuwa, lodzaza masamba. Lero ndi matenda? Ndiye esiteti yonse tikagone kumishoni."

Amayi nawo anaseka. Ndinayesa kufotokoza za zigawo zitatu, za alonda, za misempha yochucha. Ndinati ngati afuna dengu, likhale dengu, koma akumbuke kuti dengu silisunga madzi, ndipo misempha ya achimwene ikhoza kusanduka yotero. Amalume anandiyang'ana ndi diso limodzi.

"Alonda kuperekeza mbala kusitolo. Nkhani imeneyi yapangidwa m'mutu wa Fomu 3 uwu. Ndaimva fungo."

Dzina linakhazikika. Anthu odzazonda ankafunsa pakhomo kuti a dengu agona bwanji. Asipulini ndinakataya kuchimbudzi, amayi n'kumandinena kuti ndawabisira pofuna kuwaseka.

Lachisanu m'mawa thupi linazizira. Amayi anagwira pachipumi n'kuyamba kuimba nyimbo ya kumvano. Anatuma mwana wa pafupi kukauza amalume kuti mkamwini wa anthu wachira, za mawa zili m'malo. Azimayi anabwera kudzasefa thobwa, nkhuku zinamangidwa miyendo, pabwalo pali phwete.

Ine ndinalowa m'nyumba ndi phala. Achimwene anali atadzipinda, manja ali pamimba. Anamwa masipuni awiri, n'kusanza. Ndinawapatsa madzi, anasanzanso. Sankakhazikika, kutembenukira uku, kutembenukira uko, kufuna kukhala, kufuna kugona. Nditawagwira dzanja linali lozizira ndi lonyowa ngati chule. Atalavula m'kachitini ndinaona zofiira, ndipo nditawauza kuti atsegule pakamwa, magazi anali m'mphepete mwa mano. Ndinafunsa kuti apita liti kukataya madzi. Anati dzulo.

Ndinapita kwa amayi kuseri kwa nyumba.

"Amayi, zija ananena adokotala zayamba. Tiyeni nawo tsopano."

"Thupi lazizira, mwana iwe. Wagwira wekha."

"Kuzizirako ndiye vutolo."

"Kutentha vuto, kuzizira vuto. Ndiye munthu azikhala bwanji?" Azimayi osefa thobwa anaseka. "Kusanzako ndi njala, sanadye sabata yonse. Magaziwo watsukira mswachi mwamphamvu."

Amalume atafika ndinawagwadira n'kunena zomwezo mwaulemu wonse umene ndili nawo, umene si wambiri koma tsiku limenelo ndinautulutsa wonse. Anati iwo ndi nkhoswe, anapatsana kale mawu ndi anthu a ku Chonde, ndipo sangachite manyazi chifukwa cha kamtsikana kamene kanathamangitsa sukulu yonse ndi mbale. Chikatha chinkhoswe, Lolemba, ngati akusanzabe, adzaona.

Lolemba. Dokotala anati tsiku limodzi kapena awiri.

Sindinalire, sindinakuwe. Ndinatenga basiketi ndi kunena kuti ndikukagula mchere. Ndinayenda mpaka pamlatho, ndinakhala pamwala kanthawi kuti ulendo uoneke ngati wafika kumsika, kenaka ndinathamanga pobwerera kuti thukuta likhale lenileni. Amalume ndinawaitanira kuseri kwa khola, ndipo ndinalankhula motsitsa, poti nkhani zoterezi sizinenedwa mokweza.

"Amalume, pamsika pali galimoto. Anthu awiri a magalasi akuda, nsapato zopukuta. Akufunsa kwawo kwa mnyamata wa lole amene wabwera kuchokera ku Tanzania ndi manyuzipepala."

Nkhope yawo inasintha ngati nyali yothera mafuta. Munthu amene masiku apitawo anandiuza kuti amamva fungo la mabodza anga sanandifunse mtundu wa galimoto, sanandifunse amene wandiuza. Zoterezi palibe amafunsa umboni. Aliyense akudziwa wina wake amene anatengedwa pa nkhani yochepa kuposa pepala lokulungira nsapato, makamaka ife amene agogo athu anachokera kutsidya kwa malire ndipo timangokumbutsidwa pakavuta.

"Wawauza?"

"Ndati sindikumudziwa. Koma a matemba aja amadziwa pano."

"Timubise kuti? Kumunda? Kwa apongozi?"

"Kumeneko ndiye koyamba kufufuza." Ndinadikira pang'ono, ngati ndikuganiza. Nyambo saikoka msanga. "Kaya munthu wogonekedwa, ali ndi diripi pamkono, amamutenganso?"

Amalume anandiloza ndi chala. "Kumishoni. Masisitere aja salola munthu kulowa m'wodi chisawawa. Timupititse kumishoni, tikanene kuti dengu lija lakula."

"Nzeru zimenezo, amalume."

Sindinaonepo anthu akuyenda msanga chotero. Amayi anaponya nyuzipepala pamoto wa thobwa, makaseti onse n'kutsatira, fungo la pulasitiki lili thoo pabwalo. Amalume anatenga sizasi n'kumeta achimwene pamphasa pomwepo, mutu n'kukhala ngati munda wolimidwa ndi ana. Achimwene analibe mphamvu yofunsa. Kenaka amalume anakwera njinga, ndipo posakhalitsa anabwera ndi lole ya esiteti yotuta masamba, dalaivala wake mnzawo wa kumpingo. Achimwene tinawagoneka kumbuyo pa matumba, n'kuwazinga ndi madengu opanda kanthu kuti asaoneke kumsewu. Ine ndinakhala pambali pawo nditagwira kachitini, ndikuwanyowetsa milomo. Panjira achimwene ananditchula dzina la mchemwali wathu amene anamwalira kalekale. Apo ndiye kuseka kunandithera, ndipo ndinamenya denga la lole kuti dalaivala awonjezere moto.

Pachipata amalume anayamba sewero lawo, kuuza nesi mokweza kuti mwanayu wadwala kwambiri. Nesi anagwira dzanja la achimwene, anafunafuna kugunda kwa mtima pamkono, n'kuthamanga kukaitana dokotala. Amalume anandinong'oneza kuti nesiyu ndi wochenjera, wamvetsa msanga. Anazindikira kuti si sewero pamene anaona anthu atatu atazungulira bedi, wina akulephera kupeza msempha.

Dokotala anatenga magazi pachala m'kagalasi kopyapyala ngati udzu, anakazunguza pamakina, n'kundionetsa. Mbali yofiira inali yaitali, yamadzi yaifupi. Anati ndi zija, madzi athawa, magazi alimba. Anaika diripi yothamanga, ndipo ankabwera pafupipafupi kudzayeza kugunda kwa mtima ndi kudzatenganso magazi pachala. Ine anandipatsa ntchito yoyang'anira botolo la mkodzo. Mtsikana wa sekondale, wodziwa masamu a ngodya, kusangalala ndi mkodzo wa achimwene ake. Koma utayamba kutuluka ndinavina m'khonde la wodi.

Amalume anafunsa kuti bwanji osangothira mabotolo ambiri nthawi imodzi zithe. Dokotala anati dengu lochucha ukalithira mopitirira, madziwo sapita kutali, amadzaza m'chifuwa munthu n'kumira ali pabedi. Amathira okwanira kuti mtima usaime, mpaka misempha itatseka yokha. Anatinso tikanafika mawa lake sakudziwa ngati akanapeza pothira. Amalume anavula chipewa n'kutuluka panja, ndipo anakhalitsa kumeneko.

Loweruka la chinkhoswe linatha tili m'wodi, mimba ya achimwene itatupa, akupuma mofupika, thobwa likusasa kunyumba. Lamulungu madzulo manja anayamba kufunda. Dokotala anachepetsa diripi, kenaka anaichotsa, akuti madzi aja ayamba kubwerera m'misempha ndipo kuwonjezera ena tsopano ndi kuononga. Botolo langa linkadzaza msangamsanga. Lolemba achimwene anapempha chinangwa ndi nandolo, n'kunditukwana chifukwa cha mchere wochepa, ndipo ndinadziwa kuti abwerera. Miyendo inatuluka zofiira zokhala ndi timabwalo toyera, zoyabwa moti ankakanda ngati galu wa nthata. Amayi anandikoka khutu kuti ndawathira chitedze pabedi. Dokotala ndi amene anandiombola, akuti kuyabwako ndi chizindikiro cha kuchira. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kunamiziridwa chinthu chimene sindinachite, ndipo kanandikoma.

Bodza langa ndikanalisunga mpaka ukalamba, koma linakula kuposa mwini wake. Tsiku lotuluka, amalume anatiitana kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala. Anati akonza zonse. Achimwene sabwerera kunyumba, awaolotsa malire kupita kwa abale athu a kutsidya, akakhale kumeneko mpaka anthu a magalasi aiwale. Kutsidya kumene kuli nkhondo, kumene anthu akuthawako tsiku ndi tsiku ndi mitolo pamutu. Munthu woti kuyenda kuchoka pabedi kufika pakhomo akupumira kawiri.

"Amalume, kulibe anthu a magalasi."

"Wati chiyani?"

"Kunalibe galimoto. Kumsika sindinafike n'komwe. Ndinakhala pamlatho."

Amayi anakhala pansi pomwepo. Amalume sanandimenye, poti panali anthu, koma anati nkhani ikathera kunyumba.

Inakatheradi kunyumba, pakhonde, achimwene atagona pampando wa ndalema ndi mutu wawo wa mizeremizere. Amalume analankhula nthawi yaitali, ndipo zina zimene ananena n'zoona. Anati bodza lotere limamera miyendo. Dalaivala anauza mkazi wake, mkaziyo anauza a kumpingo, ndipo pofika Lamulungu anthu a ku Chonde anali atamva kuti mkamwini wawo akufunidwa ndi boma. Anatumiza mawu kuti chinkhoswe chiyambe chaima, aone kaye. Anati mawu oterewa akafika m'makutu olakwika, galimoto yabodza imatha kubwera yeniyeni. Anati iwo, munthu wamkulu, ndawasenzetsa mantha masiku onsewa, osadya, akudzidzimuka ndi injini iliyonse. Pomaliza anati ndigwade ndipepese, kwa iwo, kwa amayi ndi kwa achimwene.

Kugwada ndinagwada, maondo si anga okha, ndi a mtundu. Koma ndinati:

"Amalume, m'mawa uja ndinakuuzani zoona nditagwada chonchi, munati Lolemba. Masana ndinakunamizani, lole inafika thobwa lisanazizire. Mundisankhire nokha choti ndipepesere. Ngati ndi cha m'mawa, chabwino, pepani kuti ndinataya nthawi."

"Alongo, mukumva mwana wanu?"

Amayi anali kuyang'ana manja awo. "Ndikumva, achimwene," anatero kwa amalume.

Amalume anatembenukira kwa wodwala kuti awathandize. Achimwene anatsegula diso limodzi.

"Ine za mkazi sindikudandaula kwambiri, akafuna adzabwera. Tsitsi limera. Koma makaseti anga, iwe. Mwa mabodza onse a padziko, sukanasankha losawotcha makaseti?"

"Mukanavina nawo kumanda, achimwene?"

"Ukuona, amalume? Ameneyu musavutike naye."

Amalume ananyamuka osatsanzika, ndipo anatha mwezi osaponda pakhomo pathu. Galimoto sinabwere. Anthu a ku Chonde akuonabe kaye mpaka lero, ngakhale mtsikanayo ndamuona kawiri akutsika basi pafupi ndi kwathu popanda chifukwa chomveka. Achimwene anakhala milungu ingapo ali lefulefu, kenaka anabwerera ku lole, poti mitundu ina iwiri ija ikuwadikira kudoko koma fizi yanga nayo siidikira. Akuti masiku ano amavala malaya a manja aatali ngakhale kutenthe bwanji, ndipo akafika pabwalo lija amayamba n'kukhuthula madzi m'matayala, anzawo n'kumawaseka kuti Mmalawi wapenga. Ndinawauza kuti thupi likadzatentha ali kumeneko asadzadikire kuti lizizire, chifukwa kudoko kulibe mlongo wowanamira.